Dzina linali lawo, magazi sanali awo

M'labotale ya chipatala muli vuto limodzi limene makina sangalione, ngakhale atakhala atsopano chotani. Vutolo ndi kachubu kolembedwa dzina la munthu uyu pamene magazi ali m'katimo ndi a munthu wina. Makina amayeza chimene mwawapatsa, ndipo yankho lawo limakhala loona, koma loona pa magazi a m'kachubumo, osati pa mwini dzina. Ndikulemba izi poganizira anzanga amene angotuluka kumene kusukulu, kaya ku Malamulo, kaya ku KUHeS kapena kwina kulikonse, chifukwa zinandipeza ndidakali watsopano pa chipatala china muno mu Blantyre. Chipatalacho sindichitchula, ndipo odwala awiri a m'nkhaniyi ndingowatchula ndi kumene ankachokera.

Nthawi imeneyo anali atandiika pa benchi ya magazi, pamene timaona gulu la magazi a wodwala ndi kuyesa ngati akugwirizana ndi a m'paketi imene akufuna kumuika. Kuyesa kumeneku tonse timangoti kilosimachi. Ntchito zanga ankaziyang'anira ndi bambo wina wachikulire amene anayamba ntchitoyi makina owerenga magazi asanafike, nthawi imene maselo ankawerengedwa ndi maso pa maikulosikopu. Tonse tinkangowaitana kuti Achikulire. Lamulo lawo pa benchi ija linali limodzi: usanagwire kachubu, tsegula kaundula uone ngati munthuyu anayezedwapo kale.

M'mawa wa tsikulo panabwera machubu ochokera ku wodi ya amayi. Pakati pawo panali awiri a mayi ena a ku Bangwe, a zaka 29, amene anapita padera n'kutaya magazi ambiri asanafike kuchipatala. Kachubu kena kanali ka chotsekera chapepo, kokhala ndi mankhwala a EDTA oletsa magazi kuundana, kamene timawerengera maselo. Kena kanali ka chotsekera chofiira, kopanda mankhwala, kamene magazi amaundana n'kusiya madzi achikasu pamwamba, seramu, amene timagwiritsa ntchito pa kilosimachi. Fomu inkapempha kuwerenga magazi onse ndiponso mapaketi awiri, mwachangu. Ndinayerekeza fomu ndi machubu: dzina, zaka, wodi, tsiku. Zonse zinali kugwirizana, chilembo ndi chilembo. Palibe chimene akanakanira munthu wa pawindo lolandirira masampulo.

Ndinatsegula kaundula. Mayiwa anali atayezedwa dzulo lake madzulo, atangogonekedwa. Hb yawo, ndiye kuti mulingo wa chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi, inali 6.4 g/dL, yotsika kwambiri. MCV, imene imatiuza kukula kwa selo lofiira, inali 71 fL, kusonyeza timaselo ting'onoting'ono monga zimakhalira kwa munthu amene ayironi wakhala akumuperewera kwa nthawi yaitali. Gulu la magazi linalembedwa kuti O, RhD pozitivi.

Ndinadontheza mankhwala atatu aja m'timachubu toyezera: Anti-A wabuluu, Anti-B wachikasu, ndi Anti-D wooneka ngati madzi. Ndinathiramo maselo a wodwala osungunulidwa m'madzi amchere, n'kuzunguza pa makina masekondi ochepa. Munthu wa gulu O, maselo ake sagwirana ndi Anti-A kapena Anti-B. Ukagwedeza kachubu amangobalalika, madzi n'kukhala ofiirira bwinobwino. Koma nditagwedeza ka Anti-A, pansi panatsala chibulu chimodzi chofiira, cholimba, chikuyandama m'madzi abuluu oyera mbee. Ka Anti-B kanabalalika. Ka Anti-D kanagwirana. Magazi amenewa anali a gulu A, pozitivi.

Munthu sasintha gulu la magazi usiku umodzi. Amabadwa nalo. Ndiye panali zinthu zochepa zimene zikanachititsa zimenezi, ndipo ndinayamba ndi zimene zinali pafupi ndi manja anga. Kodi mankhwala aonongeka? M'mawa uliwonse tisanayambe ntchito timayesa mabotolo atatuwa ndi maselo odziwika kale gulu lake, ndipo tsikulo onse anali atachita bwino. Zinali zolembedwa pa pepala la pakhoma. Kodi ndasokoneza timachubu pa benchi? Ndinayambiranso ndi timachubu tatsopano, nditachotsa china chilichonse patsogolo panga. Yankho linabwera lomwelo.

Kenako ndinayesa mbali inayo. Gulu la magazi limaoneka pawiri, pa maselo ndi mu seramu. Munthu wa gulu A amakhala ndi asilikali olimbana ndi maselo a B m'seramu mwake. Wa gulu B ali ndi olimbana ndi A. Wa gulu O ali nawo onse awiri, pamene wa AB alibe ndi mmodzi yemwe. Chiyambi cha zimenezi anachitulukira Karl Landsteiner ku Vienna mu 1901, ndipo mpaka lero ndi pamene pagona ntchito yonse ya benchi imeneyi. Ndinatenga seramu ya m'kachubu kofiira kaja n'kuisakaniza ndi maselo odziwika a A, kwina ndi a B. Inagwira a B okha, a A n'kuwasiya. Maselo akuti A, seramu ikuti A. Machubu onse awiri anachokera mwa munthu wa gulu A, popanda chokayikitsa.

Pamene ndimachita izi, mnzanga wa pa makina owerenga magazi anali atamaliza ndi kachubu kapepo. Ndinapita kukaona pa sikilini. Hb inali 11.2, MCV 88.

Apa ndipamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa manambala awiriwa sanena zofanana. Hb imatha kusintha msanga. Munthu akamataya magazi imatsika, akaikidwa dilipu yambiri imatsikanso chifukwa magazi asungunuka, ndipo akatha madzi m'thupi imakwera pang'ono. Koma kuchoka pa 6.4 kufika pa 11.2 kumafuna kuikidwa magazi, ndipo kwa munthu wamkulu paketi imodzi imakweza Hb ndi pafupifupi 1 g/dL basi. Ndiye pakanafunika mapaketi anayi kapena asanu usiku umodzi. Buku lotulutsira magazi linali pompo: palibe paketi imene inatuluka pa dzina la mayiwa. Komanso iwo anali pa dilipu usiku wonse, choncho Hb yawo inayenera kutsika, osati kukwera.

MCV ndiye inanena mosabisa. Selo lofiira limakhala m'thupi masiku pafupifupi 120, ndipo tsiku lililonse thupi limangosintha kachigawo kochepa kwambiri ka maselo ake. Kukula kwa maselo a munthu sikungalumphe kuchoka pa 71 kufika pa 88 pakati pa madzulo ndi m'mawa, pokhapokha ataikidwa magazi ambiri a munthu wina. Kutaya magazi sikusintha MCV tsiku limodzi, dilipu saisintha, mapiritsi a ayironi amatenga milungu. N'chifukwa chake ndikayerekeza zotsatira zatsopano ndi zakale, diso langa limayamba kugwera pa MCV lisanapite pa Hb.

Ndinapita kwa Achikulire ndi kaundula m'manja. Kunena zoona mtima unkagunda, chifukwa fomu inalembedwa kuti mwachangu, ndipo munthu watsopano akaimitsa ntchito yachangu amadziwa kuti maso onse akhala pa iye.

"Achikulire, pepani, taonani izi. Dzulo O, lero A. MCV dzulo 71, lero 88. Magazi sanaikidwe."

Anavala magalasi, n'kuyang'ana kaundula, kenako timachubu tanga. Sanathamangire kuyankha.

"Mwabwereza, chemwali?"

"Ndabwereza, ndipo seramu ikugwirizana ndi maselo."

"Nanga kachubu ka dzulo kali kuti?"

Masampulo oyezedwa kale timawasunga m'filiji masiku angapo, ndipo kachubu ka dzulo kanalimo. Ndinakayesanso iwo akuona. O pozitivi, monga zinalembedwera. Tsopano pa benchi panali machubu a dzina limodzi, zaka zimodzi, wodi imodzi, koma anthu awiri.

"Ndiye wabodza ndi uti, wa dzulo kapena wa lero?" anandifunsa.

Ndinati wa lero, chifukwa mayi amene wataya magazi ambiri sangakhale ndi Hb ya 11.2.

"Mwina mukulondola," anatero. "Koma mayiwo mwawaona? Inu mwaona mapepala. Ngati analakwitsa ndi wa dzulo, ndiye kuti O ameneyu ndi wa munthu wina. Pano sitingadziwe. Tikufuna magazi achitatu, otengedwa inu mukuona."

Ndisanapitirire, ndifotokoze chimene chikanachitika kaundula akanapanda kutsegulidwa, chifukwa anthu ambiri, ngakhale ena a m'chipatala momwemo, amaganiza kuti kilosimachi imagwira cholakwa chilichonse. Sigwira ichi. Ndikanalemba A pozitivi, n'kutulutsa mapaketi awiri a A m'filiji. Ndikanasakaniza madontho awiri a seramu ya m'kachubu kofiira ndi dontho la maselo a m'paketi, kuzunguza, kufunditsa pa madigiri 37, kutsuka, kuthira mankhwala omaliza aja, n'kuyang'ana. Zonse zikanaoneka bwino kwambiri, chifukwa seramu ya munthu wa A siilimbana ndi maselo a A. Ndikanasaina kuti magaziwa ndi ogwirizana, ndipo ndikananena zoona: akanagwirizana ndi mwini magazi a m'kachubu. Koma paketiyo ikanakapachikidwa pa bedi la mayi a gulu O, amene m'thupi mwawo muli asilikali olimbana ndi A, okonzeka kale kuyambira ali mwana wamng'ono.

Zikatero sizichedwa. Asilikali aja amaphwanya maselo achilendo m'mitsempha momwemo. Nthawi zambiri m'mphindi zoyambirira wodwala amayamba kunjenjemera, thupi kutentha, kumva kuwawa m'chiuno ndi pamene palowa singano, kubanika, ndiponso mantha aakulu osadziwika chifukwa chake. Kuthamanga kwa magazi kumatsika, mkodzo umada bii, impso zimatha kusiya kugwira ntchito, ndipo magazi amatha kuyamba kutuluka paliponse osaundana. Sipafunika paketi yonse. Magazi ochepa chabe amatha kuyambitsa zimenezi. N'chifukwa chake namwino amayenera kukhala pafupi mphindi 15 zoyamba. Kwa munthu amene ali kale wofooka ndi kutaya magazi, imeneyi imatha kukhala imfa.

Panalinso njira ina imene mayiwa akanavulalira, yosaoneka msanga. Dokotala akanaona Hb ya 11.2 akanatha kunena kuti magazi sakufunikanso, n'kuimitsa zonse.

Ndipo paketi ya magazi siibwera yokha. Bungwe la MBTS, limene linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo likulu lake lili muno mu Blantyre, limatolera magazi kwa anthu opereka mwa kufuna kwawo, ambiri a iwo ana asukulu, n'kuwayeza HIV, matenda a chiwindi a B ndi C ndiponso chindoko. Paketi imafika kwa ife ili yabwino, yolembedwa gulu lolondola, yosungidwa pa madigiri 2 mpaka 6. Ntchito yonseyo imatha kuonongeka ndi cholembera chimodzi pa tebulo la mu wodi.

Foni ya pa benchi inalira tisanaimbe ife. Anali namwino wamkulu wa ku wodi kuja.

"A ku labu, magazi a pa bedi 14 aja ali pati? Mayiwa akuchita chizungulire, mtima ukuthamanga."

Achikulire anandipatsa foni kuti ndiyankhe ndekha.

"Sisitala, pepani, sampulo imene yabwera m'mawayi sitingaigwiritse ntchito. Gulu lake likusiyana ndi la dzulo. Ndikubwera pompano kuti titengenso ina."

"Iii, kubayanso? Mitsempha yawo yavuta kale. Dzina si lalembedwa bwinobwino?"

"Dzina lili bwino, Sisitala, koma magaziwo akuoneka kuti si awo. Kodi mu wodimo muli wina wa dzina lofanana nalo?"

Anakhala chete pang'ono, ndikumva mapepala akutembenuzidwa. Kenako anati, "Alipo a pa bedi 17. Dzina la bambo ndi limodzi. Akupita ku thiyeta mawa."

Sizachilendo. Lowani mu wodi iliyonse muno mu Blantyre muitane kuti "Mayi Banda" kapena "Mayi Phiri", muone mitu ingati itembenuke. Ndinabwerera pa thireyi ya m'mawa ija n'kupeza machubu a mayi a pa bedi 17, a ku Chirimba, a zaka 41, amene ankadikira opaleshoni ya zotupa za m'chiberekero. Nawonso anali ndi kapepo ndi kofiira. Pa makina, kachubu kolembedwa dzina lawo kanapereka Hb 5.9 ndi MCV 72. Gulu linali O pozitivi. Zotsatirazo zinali zisanatumizidwe, ndipo tinaziimitsa pomwepo.

Ndinaonanso kanthu kena kamene poyamba sikanandiuze kalikonse. Machubu onse a pa thireyi ija, a odwala osiyanasiyana, analembedwa nthawi imodzi, 06:30, ndi dzanja limodzi, cholembera chimodzi. Munthu mmodzi sangabaye anthu angapo mphindi imodzi. Nthawi yofanana pa machubu ambiri imasonyeza kuti analembedwa pamodzi, patebulo, kubaya kutatha.

Apa panabwera yesero limene ndikudziwa kuti aliyense wa inu adzakumana nalo. Mnzathu wina, munthu wabwino ndithu ndipo wofunira wodwala zabwino, anati: "Nkhani yaoneka kale. Machubuwa angosinthana. Tingofufuta maina, tilembe bwino, tipitirize kilosimachi. Tipulumutsa nthawi, ndipo mayiwa sabayidwanso." Zinkamveka zanzeru. Manambala ankagwirizana: 6.4 dzulo, 5.9 lero, 71 dzulo, 72 lero, O ndi O.

Achikulire anakana, ndipo lero ndikamaphunzitsa ana a sukulu obwera kudzaphunzira ntchito ndimakana chimodzimodzi. Chifukwa chake n'chakuti ife sitinalipo pamene magaziwo ankatengedwa. Tikudziwa kuti pa thireyi ija panali machubu a anthu oposa awiri, ndiye tingatsimikize bwanji kuti anasinthana ndi awiri okha? Gulu O ndi lofala kwambiri kuno kwathu, ndipo mu wodi ya amayi Hb yotsika ndi timaselo tating'ono si zosowa. Kachubu ka O kaja kakanatha kukhala ka mayi wachitatu. Komanso kachubu kapepo ndi kofiira sitingatsimikize kuti anayenda limodzi. Kulemba dzina pa kachubu ndi kuchitira umboni kuti ndinaona magaziwa akutuluka m'thupi la munthu uyu. Wa ku labu amene sanaone sangachitire umboni umenewo, ndipo ngakhale amene anabaya uja sangauchitirenso pamene machubu achoka m'manja mwake. Choncho machubu anayi onse tinawakana, n'kuwalemba m'buku la masampulo okanidwa ndi chifukwa chake, ndipo tinapempha kuti ena onse a pa thireyi ija atengedwenso.

Wina angafunse kuti nanga wodwala akanakhala kuti akutha pomwepo? Njira ilipo, ndipo si kuganizira dzina. Dokotala akanena kuti sangadikire, timatulutsa maselo ofiira a gulu O popanda kilosimachi, iye n'kusainira, ndipo kwa mayi wa msinkhu wobereka amene gulu lake silikudziwika timafuna O negetivi ngati alipo. Achikulire analankhula ndi dokotala wa ku wodi, ndipo anagwirizana kuti mayiwa angathe kudikira ola limodzi ali pa dilipu, koma paketi ya O ikhale yokonzeka ngati zinthu zitasintha.

Ndinatenga machubu atsopano, silinji, magolovesi ndi cholembera, ulendo wa ku wodi. Mayi a pa bedi 14 anali atagona chammbali, chitenje chitafika m'khosi, gadiyani wawo atakhala pansi pafupi ndi beseni ndi fulasiki ya phala. Sisitala anatsitsa chikope chawo cham'munsi kuti ndione: mkati munali moyera, ndipo zikhatho zinali zotuwa. Munthu wa Hb 11 saoneka choncho.

Sindinafunse kuti, "Ndinu mayi akutiakuti?" Wodwala wofooka, kapena wamanyazi pamaso pa ovala zoyera, amangoti "eee" ku dzina lililonse lomveka ngati lake. Ndinagwada pafupi n'kunena kuti, "Mayi, mwadzuka bwanji? Ndachokera ku labu. Mungandiuze dzina lanu lonse?" Ananena okha, motsitsa mawu. Ndinafunsa chaka chobadwa ndi kumene amakhala. Gadiyani anatulutsa buku lawo la kuchipatala m'kachikwama, ndipo tinaliyerekeza ndi fayilo ndi fomu yatsopano. Nambala ya bedi sitinaiwerengere, chifukwa odwala amasunthidwa, ndipo bedi 14 la m'mawa likhoza kukhala la munthu wina masana.

Gadiyani uja anafunsa modandaula kuti, "Adokotala, si mwatenga kale m'mawa? Munthu alibe magazi, mukumuchotsanso ena?" Ndinawauza zoona mwachidule, kuti magazi a m'mawa asokonezeka ndi a munthu wina, ndipo sitikufuna kuwaika mayiwa magazi osakhala a mtundu wawo, timene titenge ndi tochepa, tosakwana masupuni awiri. Anagwedeza mutu n'kugwira dzanja la m'bale wawo.

Sisitala anabaya okha, ndipo anapeza mtsempha pa dzanja limene linalibe dilipu, chifukwa magazi otengedwa pamwamba pa dilipu amakhala osungunuka. Ine ndinalemba machubu pomwepo, nditaimirira pambali pa bedi, ndisanasunthe phazi: dzina lonse, zaka, nambala ya fayilo, wodi, tsiku, nthawi yeniyeni ya pa wotchi, ndipo Sisitala anasaina. Ndinawerenga mokweza zimene ndalemba, mayiwo n'kuvomera. Machubuwo ndinawaika m'kathumba kawo ndi fomu yawo, n'kutseka, tisanapite pa bedi 17. Kumeneko tinachitanso zomwezo kuyambira pa moni.

Zotsatira zinabwera motere. Mayi a ku Bangwe: O pozitivi, Hb 5.8, MCV 72. Mayi a ku Chirimba: A pozitivi, Hb 11.3, MCV 88. Kilosimachi ndi mapaketi awiri a O inayenda bwino, ndipo paketi yoyamba inatuluka m'filiji ola limodzi lisanakwane bwino chichokereni ku wodi. Pa bedi, anamwino awiri anawerengerana dzina, gulu, nambala ya paketi ndi tsiku lothera mphamvu asanalumikize.

Musaiwale mayi achiwiriwo, chifukwa kachubu kamodzi kakasokonekera ovulala amakhala awiri. Hb ya 5.9 ikanafika pa fayilo yawo, opaleshoni yawo ikanaimitsidwa, ndipo mwina akanaikidwa magazi osawafuna n'komwe. Magazi a O sakanawapha, poti munthu wa A amatha kulandira maselo a O, koma akanatha mapaketi amene wina akuwasowa, ndipo m'kaundula wathu mukanatsala gulu labodza pa dzina lawo, lodzasokoneza tsiku lina.

Masana Sisitala anabwera okha ku labu, ndipo tinakhala pansi ndi Achikulire kulemba lipoti. Zimene zinachitika zinali zosavuta kumvetsa. Usiku wonse wodi yodzaza inali m'manja mwa anthu awiri. Mbandakucha, wobaya anayenda bedi ndi bedi ndi kambale kachitsulo, akuika machubu motsatana ndi mafomu, kuti akalembe onse pamodzi patebulo pamene pali kuwala. Ali pakati anaitanidwa kwa wodwala wina amene zinamuvuta. Pobwerera, mafomu awiri a dzina la bambo lofanana anali atasinthana malo. Sanali munthu wosasamala, ndipo ine sindimuweruza. Ndaona mmene usiku wa mu wodi umakhalira. Koma njira imeneyo ndi yoipa ngakhale aitsate munthu wosamala chotani, chifukwa imadalira kuti pasakhale chomudodometsa, pamene mu wodi zododometsa sizitha. Kulemberatu machubu usanabaye nakonso n'koopsa mofanana: umatola kachubu kolembedwa kale dzina la wina n'kuthiramo magazi a amene ali patsogolo pako.

M'lipotimo sitinalembe kuti wolakwa ndani, tinalemba mmene zinayendera. Achikulire anaumirira zimenezi, ndipo ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Mukamukalipira munthu pagulu chifukwa cha kachubu, mawa akadzakayikira kachubu kena sadzaimba foni kuti "imitsani, mwina ndasokoneza". Adzangokhala chete n'kumapemphera. Ife a ku labu timafuna foni imeneyo kuposa china chilichonse.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena poyera, kuti wina asaganize kuti kaundula ndi mankhwala a zonse. Tinagwira cholakwachi chifukwa mayiwa anali ndi zotsatira za dzulo, ndiponso chifukwa magulu awo anali osiyana. Akanakhala kuti angofika kumene, opanda mbiri iliyonse kwa ife, palibe chimene ndikanayerekeza nacho. Akanakhala onse a O, gulu silikanandiuza kanthu, ndikanatsala ndi MCV yokha. Ndipo amayi awiri a O, onse a timaselo tating'ono, akanadutsa osaoneka. N'chifukwa chake m'zipatala zina salola kutulutsa magazi a gulu la wodwala mpaka gululo litatsimikizidwa pa masampulo awiri otengedwa nthawi zosiyana. Pakakhala imodzi yokha amapereka O. Kwathu kuno, kumene machubu ndi anthu ogwira ntchito zimaperewera, zimenezi sizitheka nthawi zonse. Chotsala m'manja mwathu ndi kufunsa wodwala dzina kuti anene yekha, kulemba pa bedi pomwepo, ndi kumaliza munthu mmodzi tisanagwire wina.

Pa benchi yanga ndinawonjezera zinthu ziwiri kuchokera tsiku limenelo. Machubu a wodi imodzi akabwera olembedwa nthawi yofanana, ndimaimba foni kufunsa mmene analembedwera ndisanayambe za magazi oika. Ndipo ndikaona maina awiri ofanana pa thireyi imodzi, ndimatsegula mbiri za onse awiri n'kuziika pambali ndi pambali, ngakhale wina atangopemphedwa kuyeza malungo. Ku wodi kuja Sisitala anayamba kumata kapepala kofiira pa mafayilo a odwala ofanana maina, ndi kuwagoneka motalikirana malo akalola.

Mayi a ku Chirimba anapita ku thiyeta tsiku lake lomwe anakonzeredwa, paketi ya A itasungidwa pa dzina lawo. Mayi a ku Bangwe tinawayezanso tsiku lotsatira atalandira mapaketi awiri aja. Hb inafika pa 7.9, ndipo MCV inakwera kufika pa 76, chifukwa tsopano m'mitsempha mwawo munali maselo awo aang'ono osakanikirana ndi akuluakulu a opereka magazi. Kusintha kumeneku kunali ndi chifukwa chake cholembedwa m'buku lotulutsira magazi, ndiye ndinalemba pambali pa zotsatirazo kuti aikidwa mapaketi awiri, kuti amene adzatsegule kaundula pambuyo panga asadzadabwe nazo. Anatuluka patapita masiku ochepa ndi mapiritsi a ayironi a miyezi itatu, gulu lawo la magazi litalembedwa patsamba loyamba la buku lawo la kuchipatala.